Masamba 18 a phunziro la malungo akwane pa tsamba limodzi

*Aphunzitsi, ndili chaka chachiwiri cha unamwino. Tinatepa phunziro la malungo la ola limodzi aphunzitsi athu atativomera, ndipo pagulu lathu tinagawana kulitaipa mawu ndi mawu. Apezeka masamba 18. Ndayesa kufupikitsa koma ndakanirira pa masamba 7, chilichonse chikuoneka chofunika. Ndingatani kuti likhale tsamba limodzi la manotsi lokhala ndi mitu yomveka? Ndakutumizirani zonse.*

Achemwali, ndawerenga masamba 18 aja pamodzi ndi 7 anuwo, ndipo ndaona pamene pakuvuta. Mwayambira pa mzere woyamba n'kumatsika nawo, chiganizo chilichonse mukuchifunsa ngati chili choona ndiponso chothandiza. Aphunzitsi anu sananene zabodza, ndiye pafupifupi chilichonse chapulumuka. Zambiri zimene zachoka ndi moni, nthabwala ndi mawu obwerezabwereza. Kadulidwe kotere kakhoza kukutsitsani mpaka theka kapena kuposerapo pang'ono, koma pa tsamba limodzi simungafike ngakhale mubwereze kangati.

Tiyeni tiwerengere. Munthu akamaphunzitsa amalankhula mawu apakati pa 120 ndi 150 pa mphindi, choncho pa ola amatulutsa mawu 7,000 mpaka 9,000. Anuwa ali cha m'ma 8,000. Tsamba la A4 lotaipidwa bwino, lokhala ndi mitu ndi mipata yoti maso apume, limanyamula mawu pafupifupi 400. Ndiye kuti pa mawu 20 aliwonse amene aphunzitsi ananena, amodzi okha ndi amene ali ndi malo. Ena 19 atsale, ndipo ambiri mwa otsalawo ndi oona komanso abwino. Mukavomereza zimenezi mtima umakhala m'malo, chifukwa mumasiya kudziimba mlandu pa chiganizo chilichonse chimene mwasiya.

Ntchitoyi muitembenuze. Musayambire pa masamba 18 n'kumadula. Yambirani pa pepala lopanda kanthu, mulembe mitu, kenako mupite ku masamba 18 aja kukatenga zokhazo zimene mutu uliwonse ukufuna. Mayi amene wapita kumsika akudziwa kuti madzulo aphika nyemba amagula nyemba, tomato, anyezi ndi mafuta n'kubwerako, ngakhale adutse pa mabenchi a usipa ndi kabichi wabwino. Inunso mukalowe m'masambawo mutadziwa kale chimene mukufuna.

Mituyo imachokera kuti? Werengani zonse kamodzi, mofulumira, osalemba manotsi ndiponso osapaka utoto pa mizere. Mugwire pensulo yokha, ndipo ntchito yake ikhale imodzi: kuika kachizindikiro m'mbali paliponse pamene aphunzitsi asintha nkhani, n'kulembapo mawu awiri kapena atatu onena kuti apa ayamba za chiyani. Aphunzitsi ambiri amachenjeza okha akamasintha. Mumva akuti tsopano tiyeni tione izi, kapena tibwerere pa zija, kapena chachiwiri n'chakuti. Ngati muli pa kompyuta, Ctrl+F ikuthandizani kupeza mawu otere, poti mphunzitsi aliyense ali ndi ake amene amawakonda. Pambali muike ndondomeko ya kosi yanu ndi zolinga za phunziro zimene aphunzitsi anawerenga poyamba. M'zolemba zanu zolingazo zili pa tsamba 1, ndipo pofupikitsa munazidula poganiza kuti ndi mawu olonjera chabe. Pamenepo m'pamene aphunzitsi anakuuzani mitu yanu.

Nditachita zimenezi pa zolemba zanu, ndapeza kuti aphunzitsi anasintha nkhani ka 11. Koma mafunso amene anayankha ndi asanu okha. Kusiyanaku kukubwera chifukwa munthu akamalankhula amazungulira. Za mankhwala anazikhudza pa tsamba 6, anazifotokoza bwino pa tsamba 11, n'kudzabwereranso pa tsamba 17 mnzanu wina atafunsa funso. Za amayi oyembekezera zili pa tsamba 9 ndi pa tsamba 16. Masamba 7 anu atsatira ndondomeko ya mmene mawu anatulukira m'kamwa, n'chifukwa chake mutu wa chithandizo ukupezekamo katatu, paliponse ndi kachidutswa kake. Pa tsamba la manotsi nkhani imodzi ikhale pamalo amodzi, kaya inanenedwa mphindi ya 20 kapena ya 55. Njira yapafupi ndi kupatsa mutu uliwonse chilembo, A mpaka E, n'kudutsa m'masambawo kachiwiri mukulemba chilembo m'mbali mwa ndime iliyonse. Ndime imene yasowa chilembo yadzichotsa yokha.

Ndikufuna ndichedwepo pa kalembedwe ka mutu, chifukwa tsamba lonse limadalira pamenepa. Mitu yanu ya pano ndi iyi: Mawu oyamba, Mbiri, Tizilombo, Chithandizo, Zina zofunika. Mutu wakuti Zina zofunika umalandira chilichonse, ndipo n'chifukwa chake watenga masamba awiri athunthu. Wakuti Chithandizo nawo sukuuzani poimira, poti za mankhwala munthu akhoza kulemba buku. Mutu wabwino uli ndi malire, umakana zinthu zina. Mitu yotere imapezeka mosavuta mukailemba ngati mafunso amene mungafunsidwe pa mayeso kapena mu wodi. Ine pa phunziro lanuli ndingalembe motere: Tizilombo timayenda bwanji m'thupi, ndipo zizindikiro zimayamba pati? Timatsimikiza bwanji kuti ndi malungo? Malungo aakulu timawazindikira ndi chiyani? Timapereka mankhwala ati, mlingo wanji, kwa ndani? Mayi woyembekezera ndi mwana timawateteza bwanji?

Onani zimene funso lachitatu likuchita. Nkhani ya mwana amene aphunzitsi anamuona ali ku maphunziro awo, imene yatenga tsamba ndi theka, siyankha funsolo yonse. Muli zinthu zitatu zokha zimene zikuyankha: mwanayo ankakomoka, ankalephera kuyamwa, ndipo zikhatho zake zinali zoyera. Zitatuzo mutenge, nkhaniyo itsale. Inagwira kale ntchito yake m'kalasi pokuthandizani kumvetsa.

Mutu wa funso uli ndi ubwino winanso pa nthawi yowerenga. Mukaphimba zapansi pake ndi dzanja, mutuwo umasanduka mayeso. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa mu 2006 kuti ophunzira amene anawerenga ndime n'kudziyesa kuikumbukira anakumbukira zambiri patatha sabata kuposa amene anangoiwerenga mobwerezabwereza. Njira yodziwika ya manotsi ya ku yunivesite ya Cornell, imene anayambitsa Walter Pauk, imasiya danga kumanzere kwa tsamba lolembamo mafunso pa chifukwa chomwechi. Simukufunika kujambula madanga ake onse. Mitu yanu ikakhala mafunso, mwatenga kale chimene chili chaphindu m'njirayo. Ngati funso latalika moti likudya mzere wonse, lifupikitseni koma malire asachoke: Zizindikiro za malungo aakulu ndi mutu wabwino, Zizindikiro pawokha ndi wotambalala.

Mitu isapitirire isanu kapena isanu ndi umodzi. Mukaika khumi, uliwonse upeza mawu 40, ndipo tsambalo lidzakhala mitu yokhayokha.

Musanalembe chilichonse pansi pa mituyo, gawani malo. Pindani pepala kapena jambulani mizere yopepuka ya pensulo, mutu uliwonse mudziwiretu kuti upeza mizere ingati. Apa pali msampha umene umakola ambiri, wogawa malo potengera nthawi imene aphunzitsi anathera pa nkhani. Aphunzitsi anu anatha pafupifupi masamba anayi pa mbiri ya mankhwala a malungo, akadali ndi mphamvu ndiponso nthawi ilipo. Zizindikiro za malungo aakulu anazithamangitsa pa tsamba 18, nthawi itatha, anzanu akulongedza zikwama. Kutalika kwa nkhani m'kalasi kumatengera wotchi ndi zokonda za mphunzitsi. Chimene chingapulumutse mwana mu wodi ya ana usiku chili m'mphindi zitatu zomalizazo. Mbiri yonse ija ikwana pa mzere umodzi: dziko la Malawi linasiya kolokwini n'kuyamba fansida mu 1993 chifukwa tizilombo tinapima, kenako linayamba LA mu 2007. Mzerewo ukhale pansi pa mutu wa mankhwala, suyenera mutu wakewake. Pa mawu 400 aja, ine ndingapatse mankhwala 120, malungo aakulu 80, chitetezo 80, kayendedwe ka tizilombo 60, kuyeza 40, ndipo otsalawo akhale a pamwamba pa tsamba.

Tsopano titenge ndime imodzi tione mmene imachepera. Pa tsamba 11 aphunzitsi akunena izi, ndaziika m'Chichewa:

"Ndiye LA uja, mukudziwa nonse LA eti, timapereka masiku atatu. Masiku atatu, kawiri pa tsiku. Ndiye onse pamodzi ndi maulendo angati? Asanu ndi limodzi, eya. Koma tsiku loyamba n'losiyana pang'ono. Akamwa woyamba pano pachipatala, wachiwiri adikire maola 8, osati mpaka mawa. Ndipo chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mayi akaona mwana wayamba kusewera tsiku lachiwiri amasunga otsalawo kuti adzathandize tsiku lina. Muziwauza. Muziwauzanso kuti mwana adye kaye, makamaka chakudya cha mafuta, phala la nsinjiro, mkaka, kapena ayamwe, chifukwa mankhwalawa salowa bwino m'thupi pamimba popanda kanthu."

Mawu oposa 80. Pa tsamba lanu zikhale chonchi: LA kawiri pa tsiku, masiku 3, maulendo 6, ulendo wachiwiri patatha maola 8, amwe ndi chakudya cha mafuta kuti alowe bwino, amalize onse ngakhale wapeza bwino. Mawu osakwana 30, ndipo palibe chimene namwino angafune chimene chatayika.

Taonani zimene ndasunga. Manambala onse alipo. Chosiyana ndi lamulo, chija cha maola 8, chilipo. Ndasunganso kachifukwa kakafupi, kakuti kuti alowe bwino. M'masamba 7 anu zifukwa munazidula kaye n'kusiya malamulo okha, koma pamafunika kuchita mosiyana. Lamulo lopanda chifukwa limaiwalika msanga, ndipo woyesa mayeso akafunsa kuti n'chifukwa chiyani, mulibe poyambira. Chifukwa cha mawu atatu kapena anayi chili ndi malo pa tsamba. Chitsanzo cha mizere khumi chilibe.

Lembaninso m'mawu anuanu, zolemba zija mutazitseka kapena kuzitembenuza. Werengani ndime zonse za chilembo D, tsekani, lembani yankho la funso D, kenako tsegulani muone chimene mwasiya. Mukamakopera mukuyang'ana, dzanja limatenga ziganizo za aphunzitsi zathunthu, ndipo ziganizo zolankhula n'zazitali. Ndiponso mukalephera kulemba yankho mutatseka, mwadziwa kuti nkhaniyo simunaimve, ndipo kudziwa zimenezo lero n'kwabwino kuposa kudzazidziwira m'chipinda cha mayeso. Poti mayeso anu ndi a m'Chingerezi, tsambalo mulembe m'Chingerezi, mayina a matenda ndi a mankhwala monga alili m'buku. Ine ndikuonetsa m'Chichewa kuti tione kapangidwe kake.

Pali zinthu zina zimene zolemba za mawu ndi mawu zimabisa, ndipo izi n'zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri pa maphunziro ngati anuwa.

Choyamba ndi manambala omveka molakwika. Pa tsamba 11 lomwelo, amene anataipa gawolo analemba kuti mapiritsi awiri ndi a mwana wa makilogalamu 50 mpaka 24. M'Chingerezi 15 ndi 50 amamveka mofanana, makamaka foni ikakhala kumbuyo kwa kalasi. Cholakwikachi chikudziulula chokha, chifukwa mlingo sungayambire pa 50 n'kutsikira pa 24, ndipo gulu la ana a piritsi limodzi lathera pa makilogalamu 14. Koma cha pa tsamba 12 sichidziulula. Palembedwa kuti atesuneti wobaya, mankhwala a malungo aakulu, ndi 24 mg/kg, kadontho kasowa. Mlingo wake ndi 2.4 mg/kg. Mwana wa makilogalamu 25 amayenera mamiligalamu 60, koma nambala yolakwikayo ikupereka 600. Nambala imeneyi yalowa m'masamba 7 anu momwemo. Ikanalowanso pa tsamba lomaliza, mukanailoweza pamtima, chifukwa tsamba limodzi munthu amaliwerenga kambirimbiri n'kulikhulupirira. Pa masamba 18 cholakwika chimabisala pakati pa mawu ena, pa tsamba limodzi chimakhala chokha chimene mukudziwa.

Choncho nambala iliyonse, dzina la mankhwala lililonse, ndi mawu aliwonse okana monga osapereka kapena kupatula, muwatsimikize kawiri asanalowe pa tsamba: kamodzi pomvetseranso tepi, kachiwiri m'buku la ndondomeko za chithandizo cha malungo la Unduna wa Zaumoyo limene likugwira ntchito pano. Simukufunika kumvetsera ola lonse. Zolemba zanu zilibe zizindikiro za nthawi, koma masamba 18 pa mphindi 60 ndiye kuti tsamba lililonse ndi mphindi zitatu ndi masekondi 20. Tsamba 11 liyamba cha pa mphindi ya 33, tsamba 12 cha pa ya 37. Ulendo wina gulu lanu likamataipa, muzilemba mphindi pachiyambi cha ndime iliyonse yaikulu. Ndi ntchito yochepa imene imapulumutsa madzulo athunthu.

Chachiwiri ndi zimene aphunzitsi analoza ndi dzanja. Masamba 4 ndi 5 adzaza ndi mawu akuti kuchokera apa timapita apa, ndiye izi zikaphulika zimalowa umu. M'kalasi zinali zomveka chifukwa munkaona chithunzi pakhoma. Pa pepala mawuwo alibe tanthauzo, ndipo ndaona kuti munawakopera ena mwa iwo poopa kutaya mfundo. Apa tepi singakuthandizeni. Pezani silayidi ija kapena chithunzi cha m'buku, mujambule mzere umodzi wa mivi: udzudzu waukazi wa anofelesi uluma, tizilombo tipita kuchiwindi, tichulukana kwa pafupifupi sabata munthu osamva kanthu, tilowa m'maselo ofiira a magazi, maselo aphulika, thupi litentha. Masamba awiri alowa m'mizere iwiri, ndipo funso lakuti zizindikiro zimayamba pati layankhidwa pomwepo.

Chachitatu ndi mfundo zazikulu zimene zimabwera ngati zongodutsa. Pa tsamba 16 mnzanu anafunsa za mayi amene ali pa ma ARV. Funso lake silinamveke pa tepi, ndiye palembedwa yankho lokha, lalifupi: ameneyo ngati akumwa bakitirimu ayi, osamupatsa. Inu munalidumpha chifukwa silikuoneka kuti likunena za chiyani. Likunena za fansida wa amayi oyembekezera, amene saperekedwa kwa mayi amene akumwa bakitirimu tsiku ndi tsiku, poti mankhwala awiriwa ndi a mtundu wofanana ndipo kuphatikiza kumachulukitsa mavuto ake. Kachiganizo kamodzi kameneka n'kofunika kuposa masamba anayi a mbiri. Gawo la mafunso ndi mayankho muziliwerenga modekha kuposa ena onse, chifukwa m'menemo ndi mmene aphunzitsi amatchula anthu amene lamulo silikuwakhudza. Muzisamalanso pamene aphunzitsi adzikonza okha. Pa tsamba 12 ananena mlingo umodzi wa atesuneti kwa onse, kenako pa tsamba 17 anawonjezera kuti mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira 3 mg/kg. Amene wafupikitsa tsamba ndi tsamba amakhala ndi ziwirizi motalikirana. Amene wasonkhanitsa ndime zonse za chilembo D amaziona pamodzi.

Mitu itatu ya tsamba lanu ikhoza kuoneka motere ikatha:

Malungo aakulu timawazindikira ndi chiyani?
Chimodzi chokha chikwanira: kukomoka kapena kusazindikira, kulephera kukhala tsonga, kumwa kapena kuyamwa, kusanza chilichonse, kupuma movutikira, kuchepa magazi kwambiri, shuga wotsika, chikasu, mkodzo wakuda.

Timapereka mankhwala ati, mlingo wanji, kwa ndani?
Malungo wamba: LA kawiri pa tsiku, masiku 3, wachiwiri patatha maola 8, ndi chakudya cha mafuta. Mapiritsi pa ulendo: 5–14 kg limodzi, 15–24 kg awiri, 25–34 kg atatu, 35 kg kupita m'mwamba anayi.
Malungo aakulu: atesuneti wobaya 2.4 mg/kg (osakwana 20 kg: 3 mg/kg) pa ola 0, 12 ndi 24, akatha kumeza amalize ndi LA wathunthu.

Mayi woyembekezera ndi mwana timawateteza bwanji?
Neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse. Fansida kusikelo kuyambira sabata ya 13, motalikirana mwezi, maulendo osachepera 3. Osapereka kwa amene ali pa bakitirimu.

Muona kuti mutu uliwonse uli ndi maonekedwe ake. Zizindikiro ndi mndandanda, milingo ikufuna kuikidwa m'katebulo kakang'ono mukamalemba ndi dzanja, kayendedwe ka tizilombo ndi mivi. Musakakamize zonse kukhala timadontho totsika m'munsi, poti timadontho timabisa kuti ichi chimayambitsa icho. Mitu yokha ndiyo ikhale yofanana: kukula kumodzi, inki imodzi yosiyana ndi ya mawu ena, ndi mpata wa mzere umodzi pamwamba pa uliwonse. Mitu ing'onoing'ono ya pansi pa mitu isapitirire mulingo umodzi, monga Malungo wamba ndi Malungo aakulu pamwambapa. Mukafuna kutsindika, sankhani zinthu zosapitirira zitatu pa tsamba lonse. Pa ili ine ndingazungulize maola 8, 3 mg/kg ndi bakitirimu.

Pamwamba penipeni lembani dzina la kosi, mutu wa phunziro ndi tsiku limene linaphunzitsidwa. Tsikulo lili ndi ntchito, chifukwa malangizo a mankhwala amasintha. Mwachitsanzo, mu 2022 bungwe la WHO linasintha langizo lake la mayi amene wadwala malungo m'miyezi itatu yoyambirira ya pakati, kuchoka pa kwinini kupita pa LA. Tsamba lopanda tsiku mukhoza kudzalitola patatha zaka ziwiri n'kulikhulupirira ngati la dzulo. M'mbali mwa mutu uliwonse muikenso manambala a masamba amene mwatengako, monga 6, 11, 12, 17. Zimenezi zimachotsa mantha aja akuti ndikataya ichi sindidzachipezanso. Masamba 18 sakupita kulikonse, tsamba limodzili likukulozerani pobwerera.

Zikakanika kukwana, musachepetse zilembo kapena kudzaza m'mphepete mwa pepala. Tsamba lotere limakhala masamba awiri opanikizidwa, ndipo maso sapeza mutu. Bwererani pa mutu umene wasefukira, muwerenge funso lake mokweza, n'kufunsa mzere uliwonse ngati ukuliyankha. Kawirikawiri mupeza kuti muli chitsanzo chachiwiri, kapena mfundo imene mukuidziwa kale kuyambira ku sekondale. Zoti malungo amafala ndi udzudzu simungaziiwale, musazipatse mzere wakewake. Tsambali ndi lanu, lisunge zimene inuyo mungaiwale kapena kusokoneza. N'chifukwa chake sindilimbikitsa kuti mmodzi alembe tsamba la gulu lonse. Kutaipa mukhoza kugawana, koma aliyense afupikitse yekha, kenako muyerekeze. Pamene masamba anu asemphana m'pamene pali nkhani yokambirana.

Nthawi zina vuto silikhala lanu. Pali maphunziro amene ndi awiri m'kati mwa ola limodzi, monga aphunzitsi akamaliza mutu wa sabata yatha kenako n'kuyamba watsopano. Mukaona kuti mafunso akufika asanu ndi atatu kapena kuposa ndipo sakugwirizana, pangani masamba awiri, lililonse ndi mutu wake. Palinso zinthu zimene siziyenera kufupikitsidwa konse, monga kasungunulidwe ka atesuneti musanabaye. Zimenezo zili ndi masitepe amene onse ndi ofunika, ndipo mumaphunzira ndi manja mukuyang'ana tchati chake. Pa tsamba mungolemba kuti onani tchati. Ndipo tsamba la manotsi ndi lowerengera, mu wodi mlingo muzitsimikiza m'buku kapena pa tchati nthawi zonse.

Kuti mudziwe ngati tsambalo latheka, dikirani tsiku limodzi. Mawa lake phimbani zonse kusiya mitu, muyankhe funso lililonse mokweza ngati mukufotokozera mnzanu. Pamene mwakakamira n'kutsegula, yang'anani ngati mzere umene ulipowo wakukumbutsani nkhani yonse. Ngati mwauwerenga koma simukudziwabe chimene ukutanthauza, mwadula mopitirira, bwezeretsani mawu awiri atatu, makamaka chifukwa chake. Kenako tengani funso la malungo la m'mayeso akale, muyese kuliyankha ndi tsambalo lokha. Likafunsa chinthu chimene chili m'masamba 18 koma pa tsamba lanu palibe, onjezani, n'kuchotsa mzere wina wofanana nacho kutalika. Ntchito yonseyi, kuyambira kuwerenga koyamba mpaka kutsimikiza manambala, iyenera kukutengerani pafupifupi maola awiri ulendo woyamba, ndipo mukazolowera imachepa.

Mutu wachiwiri, wa kuyeza, ndausiya dala osaulemba chifukwa m'phunziroli muli mpata. Aphunzitsi anafotokoza kagwiritsidwe ntchito ka mRDT, kachipangizo koyezera malungo mwachangu, ndi maikulosikopu pa tsamba 8, kenako anayamba kunena za mwana amene wabweranso patatha sabata ziwiri atamaliza LA, thupi likutenthabe, mRDT n'kuonetsanso kuti ali ndi malungo. Asanamalize, wina anagogoda pakhomo, ndipo atabwerera anayamba nkhani ina. Mfundo imene ankapitako ndi yakuti mRDT imayeza puloteni ya tizilombo ta Plasmodium falciparum imene imatsalira m'magazi kwa milungu ingapo tizilomboto titafa kale, choncho mwana wotere amafunika kuyezedwa ndi maikulosikopu, komanso kufufuzidwa ngati kutenthako kukuchokera kwina. Pa tsamba lanu siyani mizere iwiri pansi pa mutu umenewu, muike chizindikiro cha funso ndi pensulo, ndipo kalasi yotsatira mukawafunse aphunzitsi anu kuti amalize okha nkhaniyo, akuuzeninso masiku amene buku la Unduna likutchula pa mwana wobwerera chotere.